Mlandu wa Tsamba

M'chaka cha 2019 ndinakhala masabata atatu ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe, kujambula Chichewa cha ana ndi adzukulu a machona. Tauniyi ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakummawa kwa Harare. Chimene chinasonkhanitsa anthu athu kumeneko ndi minda ya Azungu ndi migodi, monga wa nikele wa Trojan ndi ina ya golide yozungulira derali. Makolo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Tete, ena wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi, ndipo ambiri sanabwererenso. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 1980 sankachitchula n'komwe chiyankhulo chawo, koma a 2013 anachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Ine ndinapita kukamva mmene aneni a Chichewa akusinthira akagona nyumba imodzi ndi Chishona. Chimene ndinabwera nacho, kuwonjezera pa aneniwo, ndi chiganizo chimodzi chimene chakhala chikundisowetsa mtendere.

Ndinali pakhonde la gogo wina amene anabwera kuchokera ku Dedza ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 20, anatulukira kuseri kwa nyumba maso ali psuu, fungo likumutsogolera. Gogoyo anamuyang'ana nati, "Iwe, fodya wakoyu adzakupengetsa." Mnyamatayo anaseka, nayankha mwaulemu ndithu m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona: "Agogo, musandiike gulu limodzi ndi anyamata a mutoriro. Ichi ndi tsamba chabe. Chimamera chokha, analenga ndi Mulungu." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Si choncho, bambo? Inu ophunzira mukudziwa."

Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo. Ndinali mlendo, ndinkafuna mawu ake pa makina anga, ndipo mlendo sathyola mphasa. Nkhani inoyi ndi yankho limene ndinayenera kupereka.

Tiyambe ndi kumuchitira chilungamo mnyamatayo, pakuti mawu ake sanali a chitsiru. Anali ndi mfundo yokhala ndi miyendo itatu, monga mafuwa. Woyamba ndi wakuti chamba ndi chomera. Wachiwiri ndi wakuti chomera, pokhala cha chilengedwe, sichipweteka munthu monga zimachitira zopangidwa ndi manja a anthu. Wachitatu, wochokera pa awiriwo, ndi wakuti chamba sichipweteka. Fuwa loyamba n'lolimba, palibe angalitsutse. Lachitatu limangotsamira pa lachiwiri. Ndiye mlandu wonse uli pa fuwa lapakatilo, limene kawirikawiri silitchulidwa n'komwe. Anthu amangoti "ndi tsamba chabe", ndipo kamawu koti "chabe" kamagwira ntchito yonse mwakachetechete. Kamatenga chiganizo chonena za kumene chinthu chachokera n'kuchisandutsa chiganizo chonena za chimene chinthucho chimachita m'thupi. Awa ndi mafunso awiri osiyana, ndipo yankho la limodzi silitiuza kanthu za linzake.

Anzeru a ku Ulaya anaiona kale mbuna imeneyi. John Stuart Mill, m'nkhani yake yokhudza chilengedwe imene inasindikizidwa mu 1874 iye atamwalira, anatsutsa zoti chilengedwe chingakhale muyeso wa chabwino, poona kuti chilengedwe chomwecho chimapha anthu ndi njala, matenda ndi madzi osefukira popanda chisoni. Koma sitikusowa Mill kuti atiphunzitse zimenezi. Amayi athu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay amadziwa bwino kuposa iye.

Taganizirani za chinangwa chowawa. Mayi wofuna kuphika kondowole sachikumba n'kuchisinja tsiku lomwelo. Amachisenda, amachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, amachiyanika padzuwa, kenaka n'kusinja. Akafunsidwa chifukwa amati akuchotsa kuwawa. Kuwawako kumayendera limodzi ndi poizoni. Muzu wa chinangwa ukaphwanyidwa umatulutsa sayanayidi, amene amatsekereza timaselo ta m'thupi kuti tisagwiritse ntchito mpweya umene tapuma. Kuviika ndi kuyanika kumapatsa poizoniyo mpata wotuluka. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu anasowa chakudya china ndipo sanathe kudikira masiku oviikawo. Oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo ndi matenda amene madokotala amawatcha konzo, ndipo kupuwala kwake sikuchira.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti munthu wa ku Bindura amamudziwa sayanayidi kuposa munthu wa kwina kulikonse. Ndi mankhwala amene amasungunulira golide kuchokera m'miyala yogayidwa. Mnyamata uja ankagwira ntchito m'maenje a golide a anthu wamba, amene kumeneko amawatcha makorokoza, ndipo ankadziwa kuti madzi a m'mathanki osungunulira golide samwedwa, ndi kuti mbuzi ikamwa imagwa pomwepo. Sayanayidi wa m'thanki amachokera ku fakitale, wa m'chinangwa amachokera m'munda wa agogo. Thupi silifunsa kumene wachokera. Akafika m'magazi ntchito yake ndi imodzimodzi.

Zitsanzo zina tingozidutsa mofulumira. Mwabvi, umene unatha anthu ambiri m'milandu ya ufiti mpaka boma la Atsamunda linauletsa mu 1911, ndi khungwa la mtengo. Kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi, ndi njere za chomera choyanga. Fodya weniweni, amene amalimidwa kwambiri ku Mashonaland Central komweko ndi kwathu ku Kasungu, ndi tsamba ndithu, ndipo palibe dokotala amene amakayika zoti amayambitsa khansa ya m'mapapo. Ngakhale zinthu zimene mnyamata uja ankazinyoza kuti n'zopangidwa zili ndi makolo a kumunda. Khodini amene ali m'mankhwala a chifuwa amene achinyamata a ku Zimbabwe amamwa botolo lathunthu kuti aledzere amachokera ku duwa la popi. Mutoriro weniweniwo unapangidwa koyamba ku Japan mu 1893 kuchokera ku mankhwala otengedwa m'chitsamba. Mzere wolekanitsa "chomera" ndi "chopangidwa" ukaufufuza umasowa pouika.

Ndipotu chamba chenichenicho si chomera chosakhudzidwa ndi manja a munthu. Wosuta wodziwa safuna masamba. Amafuna maluwa a mtengo waukazi, amene ali ndi utomoni wonyamula mphamvu yoledzeretsa, imene akatswiri amaitcha THC. Alimi a kumapiri a ku Nkhotakota, amene chamba chawo chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold, akhala akusankha mbewu kwa mibadwo, n'kumakulunga maluwawo mwamphamvu m'makungwa a nthochi kuti akhwime bwino. Imeneyi ndi ntchito ya luso, yofanana ndi ya wofulula kachasu. Tsono mawu oti "tsamba" ndi olakwika ngakhale pa kutchula chiwalo cha chomeracho. Komanso si chomera cha kwathu kuno kuyambira pachiyambi. Chinachokera ku Asia, ndipo mayina ake amasunga njira imene chinadzera: mawu a Chishona oti mbanje ndi a Chiswahili oti bangi ndi abale a mawu a ku India oti bhang, umboni wakuti chinalowa ndi amalonda a panyanja ya India zaka mazana angapo zapitazo.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono kulowa m'munda wanga wa ziyankhulo, chifukwa ndikuona kuti Chichewa chinali ndi nzeru imene tikuitaya. Mawu athu oti "mankhwala" salonjeza zabwino. Amene dokotala amapereka ndi mankhwala, othira m'chimanga kuti anankafumbwe afe ndi mankhwala, opha makoswe ndi mankhwala, ndipo amene munthu woipa mtima amakwirira pakhomo pa mnzake ndi mankhwalanso. Chishona chili ndi mawu oti mushonga amene amayenda njira yomweyo. Makolo athu anaika zonsezi m'thumba limodzi chifukwa anaona kuti chimene chili ndi mphamvu yochiritsa chili ndi mphamvu yopha, ndi kuti kusiyana kwake kuli pa mlingo, pa womwa, ndi pa cholinga. Kombe uja ndi umboni wabwino. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire, anazindikira kuti poizoniyu amachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo patapita zaka Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapangamo mankhwala a odwala mtima. Sing'anga weniweni wa kumudzi sanenapo kuti muzu sungapweteke. Amakuuza kuti umwe theka la chikho, usapitirire, ndipo mayi woyembekezera asayerekeze. Maganizo akuti "zachilengedwe n'zosaopsa" ndimawaona ngati mlendo wobwera ndi otsatsa malonda a masiku ano, amene amalemba mawu amenewa pa botolo lililonse la sopo ndi tiyi. Tawalandira n'kuwaveka nyakula ngati kuti ndi mwambo wa makolo.

Achinyamata ena, makamaka okonda chiphunzitso cha Chirasta, amaonjezera kuti buku la Genesis limati Mulungu anapatsa anthu zomera zonse. Sindine wa zaumulungu ndipo sinditsutsa chikhulupiriro cha munthu. Ndingoti amene analenga chamba ndi yemweyo analenga mwabvi ndi mamba, ndipo sindinaonepo wokhulupirira amene amafungatira mamba chifukwa cha zimenezo.

Fuwa lapakati likagwa, funso limasintha. Sitifunsanso kuti chamba ndi chomera kapena ayi. Tifunsa kuti chimachita chiyani, kwa yani, pa msinkhu wanji, kangati pa tsiku, ndiponso wosutayo akugwira ntchito yanji. Apa mpofunika kusamala, chifukwa mbali inayo ilinso ndi bodza lake. Gogo uja anati "adzakupengetsa", ngati kuti aliyense wosuta mapeto ake ndi ku Zomba Mental kapena ku Ingutsheni. Mnyamata aliyense amadziwa anthu makumi amene amasuta ndipo sanapenge. Akamva akuluakulu akunena zimene maso ake akutsutsa, amataya zonse zimene akuluwo anganene, zoona ndi zabodza zomwe. Ndimakhulupirira kuti kukokomeza kwa makolo, aphunzitsi ndi alaliki kwalimbitsa bodza la tsamba kuposa mmene ogulitsa chamba akanachitira.

Zimene zikudziwika ndi izi. THC, imene Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni anaipatula mu 1964, imakakamira pa timalo tina ta mu ubongo timene timayendetsa chikumbumtima, chilakolako cha chakudya, kuyeza nthawi ndi kuyenda bwino kwa manja ndi miyendo. Munthu akasuta, mphamvu yake imamveka m'mphindi zochepa ndipo imatenga maola awiri kapena atatu, koma kuchedwa kuchitapo kanthu pakagwa zadzidzidzi kumapitirira ngakhale wosutayo akudziona kuti ali bwino. N'zoona kuti chamba pachokha sichiimitsa kupuma monga imachitira khodini wambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu amati "sichipha". Koma "sichipha" ndi "sichipweteka" si mawu amodzi. Mwa anthu 10 amene amayamba kusuta, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya, ndipo mwa oyamba ali achichepere ndi pafupifupi mmodzi mwa 6. Wozolowera kusuta tsiku ndi tsiku akasiya, pakapita tsiku limodzi kapena awiri amayamba kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kulota zoopsa ndi kukana chakudya, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri amatanthauzira zimenezi chagada. Amati "mukuona, ndikapanda kusuta sindigona, ndiye kuti chimandithandiza," osadziwa kuti kusowa tuloko kwabwera ndi chamba chomwecho.

Nkhani ya misala ndiyo yofunika kuimvetsa bwino. Mu 1987 akatswiri a ku Sweden anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira anyamata oposa 45,000 olowa usilikali kwa zaka 15. Amene anali atasuta koposa ka 50 pa nthawi yolembedwa anapezeka ndi matenda aakulu a maganizo otchedwa sikizofuleniya mowirikiza ka 6 poyerekeza ndi osasuta. Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi Marta Di Forti linafalitsa kafukufuku wa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil, amene anaonetsa kuti osuta tsiku ndi tsiku anali pa chiopsezo chowirikiza katatu, ndipo osuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, cha THC yoyambira 10 pa 100, pafupifupi kasanu.

Tiwerenge manambalawa monga munthu woona mtima. Matenda a mtundu umenewu amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 pa moyo wake wonse. Tikawirikiza katatu kapena kasanu tipeza atatu kapena asanu mwa 100. Otsalawo, oposa 90, sadzadwala. Ndiye mnyamata amene amati "agogo anga aamuna anasuta mpaka kumwalira ali ndi zaka 90, mutu uli bwinobwino" sakunama. Kungoti umboni wakewo sukutsutsa kanthu, pakuti manambala omwewo akuneneratu kuti agogo otere adzakhalapo ambiri. Akatswiri amatsutsanabe kuti ndi gawo lalikulu bwanji la chiopsezochi limene chamba chimayambitsa chokha, ndi gawo liti limene limabwera chifukwa anthu amene ali kale ndi mbewu ya matendawa m'magazi amakopeka nacho msanga. Koma amagwirizana pa anthu amene ali pangozi yaikulu: oyamba kusuta ali ana, ubongo usanakhwime, pakuti umakhwima cha m'ma zaka 25, osuta tsiku lililonse, osuta champhamvu, ndi amene kubanja kwawo kuli wina amene anadwalapo misala.

Munthu wa mumgodi sayenera kuvutika kumva mfundo imeneyi. Asanayambe ntchito pansi, anthu amagogoda denga ndi chitsulo chachitali kuti agwetse miyala yogwedera. Mwala wogwedera ungathe kukhala mwezi wathunthu osagwa, anthu mazana n'kumadutsa pansi pake. Palibe kapitawo wanzeru amene anganene kuti popeza dzulo anadutsa anthu 100 osavulala, mwalawo ndi wabwino. Amadziwa kuti ngozi imayezedwa ndi kuchuluka kwa maulendo odutsa pansi pake, ndi kuti amene wayala mphasa pomwepo ali pangozi yosiyana ndi wodutsa kamodzi.

Mnyamata wa pakhonde uja anali atayala mphasa. Zimene ndikunena tsopano ndinazimva kwa gogo wake ndi kwa mlongo wake nditabwererako mu 2022. Anayamba kusuta ali ndi zaka 14. Atalowa m'maenje ankasuta m'mawa asanatsike, kuti mantha achoke, masana kuti nthawi ifulumire, ndi usiku kuti agone, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Mchimwene wa bambo ake anamwalira kalekale akudwala matenda amene banja linkangowatchula kuti "mutu". Zinthu zinayi zija zonse zinakumana mwa munthu mmodzi. Chakumayambiriro kwa 2021 anayamba kugona maola awiri okha. Kenaka anayamba kunena kuti anzake akubisa golide wake ndipo akumuthirira mankhwala m'chakudya. Anasiya kudya nsima yophika wina. Mwezi wachitatu ankayankhula ndi wailesi, akuti ikumutchula dzina.

Pali njira yosiyanitsira kuledzera ndi kudwala, ndipo siifuna dokotala kuti aione. Mantha ndi kukayikira anthu zimene zimabwera munthu atangosuta zimatha mphamvu ya chamba ikatha, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo mwini wake amaseka n'kuvomera kuti unali utsi. Zikapitirira masiku angapo munthu asanasutenso, akamamva mawu amene ena sakumva, akamakhulupirira zinthu zimene umboni uliwonse sungamusunthe, akasiya kusamba ndi kugona, pamenepo salinso woledzera. Ndi wodwala, ndipo madokotala a matenda a maganizo anapeza kuti wofika kuchipatala msanga amachira bwino kuposa wochedwa miyezi.

Iyeyu anachedwa miyezi 8. Ndipo pa chifukwa cha kuchedwako ndi pamene ndikuona kuti bodza la tsamba lasiya kukhala kulakwitsa kwa kaganizidwe chabe, lasanduka nkhani ya chikhalidwe ndi chilungamo. Banja litakhala pansi, amalume ake anati sichingakhale chamba, pakuti iwo eni anasutapo ali anyamata, ndipo m'maenje aliyense amasuta. Gogo uja, amene anachenjeza kuyambira kale, anagonja, poti mawu a nkhalamba yaikazi salemera pa bwalo la amuna. Tsono ngati tsamba lilibe mlandu, ndipo mwana wadwala, mlandu uyenera kupeza pogwera. Kwathu kuno tsoka silikhala lamasiye. Anapita kwa mneneri wina, amene anawauza kuti pali munthu wapafupi amene wachitira nsanje golide wa mnyamatayo. Chala chinaloza mayi wina wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, wochokera ku Ntcheu, amene anakhala bwenzi la gogoyo zaka zoposa 40. Tikumbuke kuti ku Zimbabwe anthu ochokera ku Malawi akhala akunenedwa kuyambira kale kuti ndi odziwa mankhwala, choncho mlandu wotere ukagwera nkhalamba ya Chinyasalandi supeza woutsutsa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a kusukulu ya ukachenjede amene amati nkhaniyi ndi ya ufulu wa munthu pa thupi lake. Mfundo yawo ndimailemekeza. Munthu wamkulu amene akudziwa ngozi n'kusankha kusuta wachita chinthu chofanana ndi womwa kachasu, ndipo sindikhulupirira kuti kum'tsekera m'ndende kumachiritsa aliyense. Khoti lalikulu la malamulo la ku South Africa linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu wosuta mseri, kwa yekha, asaimbidwe mlandu, ndipo dziko silinagwe. Koma ufulu wosankha umafuna kuti wosankhayo adziwe chimene akusankha. Amene wauzidwa kuti palibe ngozi sanasankhe kulowa m'ngozi, wangokankhidwiramo. Ndipo mwana wa zaka 14 amene mkulu wake wam'patsa ndudu n'kumuuza kuti "ndi tsamba chabe" walandidwa mwayi wodzasankha atakula. Munthu akhoza kufuna kuti lamulo lifewe popanda kunena kuti chamba n'chosaopsa. Mfundo ziwirizi anthu amazimanga mtolo umodzi, mbali zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha.

Maboma athu, mosafuna, anathirira bodzali madzi. Dziko la Zimbabwe linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi kafukufuku mu 2018, kwa okhawo okhala ndi chiphaso chodula kwambiri. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 2020. M'mayiko onse awiri kusuta kunakhalabe mlandu. Koma nkhani itafika m'makomboni inafupika n'kukhala "boma lavomereza, akuti ndi mankhwala". Ndi zoona kuti m'chomerachi mumachokera mankhwala. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala a khunyu la ana opangidwa kuchokera ku CBD, chinthu china cha m'chamba chimene sichiledzeretsa. Amenewo amayezedwa mlingo wake molingana ndi kulemera kwa mwana, ndipo dokotala amayang'anira chiwindi chake. Kunena kuti ndudu ya kuseri kwa nyumba ndi yabwino chifukwa cha zimenezi kuli ngati kudzibaya ndi muvi wa kombe poti ku Edinburgh anapangamo mankhwala a mtima. Mawu athu oti "mankhwala", amene kale ankachenjeza, tsopano akumveka ngati chilolezo.

Chotsala ndi mawu oyamba aja a mnyamatayo, akuti asaikidwe gulu limodzi ndi a mutoriro. Ndikuvomereza kuti mutoriro umawononga mofulumira ndi moopsa kuposa chamba, ndipo amene anaona achinyamata a ku Mbare kapena ku Chipadze atauma ngati chikuni, osagona masiku atatu, sangatsutse. Kufalikira kwake m'zaka zapitazi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Zimbabwe linakhazikitsira ndondomeko yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ya 2024 mpaka 2030. Koma kukhalapo kwa mkango sikusandutsa fisi kukhala galu wa pakhomo. Ndaona kuti kubwera kwa mutoriro kwachititsa makolo ena kupuma mpweya wabwino akapeza kuti mwana wawo "amangosuta chamba basi", ndipo chenjezo limene akanapereka zaka 20 zapitazo salipereka.

Mnyamata uja anafika kuchipatala atamenya mlongo wake, apolisi atalowererapo. Anagonekedwa masabata angapo, anapatsidwa mapiritsi, mawu a m'wailesi anatha. Atatuluka anakhala bwino miyezi isanu, kenaka anabwerera kumaenje, anasutanso, ndipo matenda anabwerera pasanathe mwezi. Pamene ndinamuona mu 2022 anali atasiyanso, atanenepa chifukwa cha mapiritsi, akuyankhula pang'onopang'ono. Dokotala anauza banjalo kuti sangalumbire kuti chamba ndicho chinayambitsa matendawo, poganizira za bambo ake aakulu aja, koma kuti kusutanso kudzawadzutsa nthawi iliyonse. Ndinam'funsa ngati akukumbukira funso limene anandifunsa pakhonde. Anati, "Ndikukumbuka, bambo. Munangoseka."

Mayi wa ku Ntcheu uja sindinam'peze. Anyamata atam'gendera mawindo kawiri, mwana wake wamkazi anabwera kudzam'tenga kupita naye ku Shamva. Palibe wa m'banja la mnyamatayo amene anapitako kukapepesa, ndipo amalume aja amanenabe kuti kudwalako kunayamba kuchepa mayiyo atachoka. Pa zimene ndinajambula mu 2019 pali mphindi 40 za amayi awiriwa atakhala pa mphasa imodzi akusenda mtedza, akutsutsana kuti sitima imene inawabweretsa inaima ku Dondo usiku kapena m'mawa. Gogoyo anandipempha kuti ndim'seweretsere. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa maondo, kenaka anafunsa ngati pali basi ya ku Shamva yonyamuka Loweruka.